Makina obweza 9 peresenti: WACC yathu ndi 7.2 kapena 10.8?

Tadala: Moni nonse. Ndithandizeni ndisanapite nazo kwa abwana Lolemba. Ndimagwira ntchito mu ofesi ya zachuma pa kampani ina yopanga katundu, ndipo tikufuna kugula makina a 100 miliyoni. Anzathu a ku fakitale awerengera kuti makinawo azitibweretsera 9 miliyoni pachaka, msonkho utachoka kale. Ndalama zokonzera ndi kusintha makinawo akatha anazichotseratu, ndiye tingoti 9 imeneyi izibwera chaka ndi chaka osaleka. Ine nditawerengera WACC, womwe ndi mtengo wapakatikati wa ndalama zonse zimene kampani imagwiritsa ntchito, za eni ndi za ngongole, ndapeza 7.2 peresenti, ndipo ndati tigule poti 9 ili pamwamba pake. Mnzanga amene timakhala naye ofesi imodzi wapeza 10.8, iye akuti tisayerekeze. Kampani ndi imodzi, fomula ndi imodzi, koma takhala tikutsutsana kuyambira m'mawa. Ndani wasochera?

A Mbewe: Chemwali, tiwonetseni manambala amene mwalowetsa, limodzilimodzi, ndi komwe mwawatenga. Fomulayo siisocheretsa munthu kawirikawiri, chimene chimasocheretsa ndi zomwe waikamo. Ndiuzeninso ngati pa 9 miliyoni ija mwachotsapo chiwongoladzanja cha ngongole.

Tadala: Ayi bambo, chiwongoladzanja sichinachoke. Fomula ndi iyi, pomwe E ndi ndalama za eni, D ndi ngongole, V ndi zonse pamodzi, Re ndi peresenti imene eni amafuna, Rd ndi chiwongoladzanja cha ngongole, T ndi msonkho:

```
WACC = E/V * Re + D/V * Rd * (1 - T)
```

M'mabuku athu ndalama za eni kampani ndi 200 miliyoni, ngongole ndi 400 miliyoni, zonse pamodzi 600. Ngongoleyo tinaitenga zaka zinayi zapitazo pa 5 peresenti, yatsala chaka chimodzi kuti tibweze. Msonkho ndi 25 peresenti, ndiye 5 ija ikutsika kufika 3.75. Eni masheya ndawaikira 14 peresenti, pamenepa tonse awiri tikugwirizana. Gawo limodzi mwa atatu la 14 ndi 4.67, magawo awiri mwa atatu a 3.75 ndi 2.5, kuphatikiza 7.17, ndangoti 7.2.

A Mbewe: Mwachita bwino kusachotsa chiwongoladzanja pa 9 ija, chifukwa chili kale mkati mwa WACC, mukanachiwerengera kawiri. Koma masamu anuwa ali ndi malo awiri otsetsereka, ndipo onse akukokera mbali imodzi, ya kutsitsa nambala.

Tiyambe ndi 5 peresenti. Funso lomwe WACC imayankha ndi lakuti: ndalama imene tiike m'makinawa lero, eni ake akufuna iwabwezere zingati? Tsono mukapita ku banki mawa kukapempha ngongole yofanana ndi yomwe muli nayoyo, akupatsani pa zingati? 5 ija ndi nkhani ya zaka zinayi zapitazo. Makinawa akhala nanu zaka zambiri, pomwe ngongole yotchipayo ikutha chaka chamawa, ndipo mudzaibweza potenga ina pa mtengo wa nthawi imeneyo.

Malo achiwiri ndi 200 miliyoni. Kodi kampani yanu ili pa msika wa masheya? Ngati ilipo, masheya alipo angati, ndipo imodzi ikugulidwa zingati?

Tadala: Ilipo. Masheya ndi 100 miliyoni, imodzi ili pa 6. Ku banki tinafunsa mwezi watha, anati 8 peresenti.

A Mbewe: Basi, yankho la mnzanuyo latulukira poyera. Masheya 100 miliyoni pa 6 ndi 600 miliyoni. Munthu amene ali ndi sheya yanu lero akhoza kuigulitsa pa 6 n'kukaika ndalamayo kwina. Akapanda kugulitsa, ndiye kuti 6 yakeyo waisiya m'manja mwanu, ndipo 14 peresenti akuifuna pa 6, osati pa 2 imene mabuku akunena. Mabuku amangokumbutsa zimene eni anaikamo kalekale ndi phindu lomwe linatsalira m'kampani, sadziwa zomwe kampaniyo ingagulidwe lero.

Ndiye kampani yonse ndi 600 kuphatikiza 400, kukhala 1,000. Eni ali ndi 60 pa 100 iliyonse, okongoza ali ndi 40.

```
0.6 * 14 = 8.4
0.4 * 8 * (1 - 0.25) = 2.4
WACC = 10.8
```

Tsopano onani zomwe zikuchitikira makina aja. Chinthu chobweretsa 9 chaka chilichonse osaleka, mtengo wake lero ndi 9 kugawa ndi WACC. Pa 7.2 peresenti chikutuluka 125, mukuoneka ngati mwapindula 25. Pa 10.8 chikutuluka 83 ndi pang'ono, kutanthauza kuti mwalipira 100 pa chinthu cha 83. Pa pepala lanu munali mutapatsa ngongole, yomwe ndi yotchipa, magawo awiri mwa atatu a sikelo, pamene pa msika ili ndi magawo awiri mwa asanu okha.

Kondwani: Achikulire, pepani ndilowepo, ine ndikadali pasukulu. Ngati masheya tikuwatenga pa mtengo wa msika, bwanji ngongole mwaisiya pa 400 ya m'mabuku? Ngongole yolipira 5 pamene msika uli pa 8 siingakhale ya 400 yathunthu.

A Mbewe: Waona bwino Kondwani. Chaka chamawa kampaniyi idzalipira 400 ndi chiwongoladzanja cha 20, kukhala 420. Gawa 420 ndi 1.08, upeza 389. Ukaika 389 m'malo mwa 400, WACC ikukhala 10.85. Ndinaisiya chifukwa yatsala chaka chimodzi chokha, kusiyana kwake n'kochepa. Ikanakhala ngongole yotsala zaka khumi ndi zisanu pa 5 peresenti, sindikanaisiya choncho.

Limbani: Ine ndikuona kuti nonse mukupita kutali. A Tadala anena kuti banki ipereka pa 8, msonkho ukachoka ndi 6. Makina akubweza 9. Katengeni 100 miliyoni yonseyo ku banki, musakhudze ndalama ya eni masheya ngakhale imodzi. Mukulipira 6, mukulandira 9, mwatsala ndi 3. Komanso ngati WACC ikuvuta chifukwa 14 ija yachuluka pa sikelo, ingochulukitsani ngongole. Ikafika 60 pa 100, eni n'kutsala 40, ndi 5.6 kuphatikiza 3.6, WACC yatsika kufika 9.2. Mukapitirira pang'ono makinawo adutsa. Ngongole n'njotchipa kuposa masheya, izi aliyense amadziwa.

Mayi Nachisale: Inenso ndili ndi funso lofanana nalo. Kwathu ndi kampani ya pabanja, tinasonkha abale anayi, ndipo zaka zisanu ndi chimodzi tsopano sitinagawanepo phindu, lonse timabwezera mu bizinesi. Ndiye kwa ife ndalama ya eni ilibe mtengo, si choncho? Palibe amene timamulipira. Ine ndimawerengera chiwongoladzanja cha banki chokha.

Yamikani: Mayi, ndalama imeneyo mtengo ili nawo, kungoti palibe kalata imene imabwera kudzakukumbutsani ngati mmene imachitira banki. Mukanatha kutenga gawo lanu n'kugula mabondi a boma, n'kumalandira chiwongoladzanja mutakhala pansi. Mwasankha kuisiya mu bizinesi momwe ikhoza kuthera. Ngati bizinesiyo ikubweza zochepera zomwe mukanapeza kwina pa chiopsezo chofanana, mukutaya, ngakhale mabuku akuonetsa phindu. Kusagawana phindu sikuchotsa zimenezo. Pali makampani akuluakulu amene anakhala zaka zambiri osapereka dividendi, koma ogula masheya awo ankayembekezera kuti mtengo wa sheya ukwera, ndipo chiyembekezo chimenecho ndiye mtengo wa ndalama yawo.

Mayi Nachisale: Ndamva achimwene. Koma nanga nambala yake ndiipeza kuti? A Tadala ali ndi 14 yawo, sindikudziwa komwe yachokera.

Tadala: Yathuyi tinaipeza ndi CAPM, mayi, njira yowerengera zomwe eni masheya amafuna. Mabondi a boma a nthawi yaitali akupereka 5. Tinati ogula masheya amafuna 6 pamwamba pa zimenezo, ndipo beta ya kampani yathu ndi 1.5, kutanthauza kuti msika ukagwedezeka ndi 10, sheya yathu imakonda kugwedezeka ndi 15. Ndiye 1.5 kuchulukitsa ndi 6 ndi 9, kuphatikiza 5, ndi 14.

Koma bambo Mbewe, zomwe anena a Limbani zandikola. Ndikudziwa kuti abwana akandifunsa zomwezo ndendende.

A Mbewe: Akakufunsanidi, chifukwa maganizo amenewa amabwera m'bodi iliyonse. A Limbani, theka la mawu anu ndi loona: ngongole n'njotchipa kuposa ndalama ya eni. Ili choncho chifukwa wokongoza amalipidwa poyamba, ndalama yake inalembedwa pa pangano, ndipo zinthu zikavuta ndi iye amayamba kutenga katundu wa kampani. Mwini amadya zotsala. Pomwe mwatsetsereka ndi pa 9.2, chifukwa mwasintha sikelo koma 14 ija mwaisiya ili chiimire, ngati kuti eni masheya sakuona zomwe mukuchita.

Tiyeni tiike msonkho pambali kaye kuti zioneke bwino. Kampani ndi ya 1,000. Chaka chabwino imapeza 200 isanalipire banki, chaka choipa imapeza 40, ndipo tiyerekeze kuti zaka zabwino ndi zoipa zimabwera mofanana. Pakatikati ndi 120, yomwe ndi 12 peresenti.

Ngongole ikakhala 400 pa 8 peresenti, banki imatenga 32 chaka chilichonse, kaya kwacha bwino kaya kwada. Chaka chabwino eni amatsala ndi 168 pa 600 yawo, ndi 28 peresenti. Chaka choipa amatsala ndi 8 yokha, 1.3 peresenti. Ndi pang'ono, komabe sanataye.

Tsopano tichite zomwe mukunenazo, titenge ngongole ina ya 200 n'kubwezera eni, ngongole ikhale 600, eni atsale 400. Banki tsopano ikutenga 48. Chaka chabwino eni apeza 152 pa 400, ndi 38 peresenti, n'zokoma. Chaka choipa kampani yapeza 40 koma banki ikufuna 48, ndiye eni ataya 8. Fakitale ndi yomweyo, makasitomala ndi omwewo, koma mwini sheya amene ankayenda pakati pa 1.3 ndi 28 tsopano akuyenda pakati pa kutaya 2 ndi kupeza 38. Munthu ameneyo sangavomere malipiro omwe aja. Pakatikati pake pachoka pa 14.7 kufika pa 18. Ndiye werengerani: 0.6 ya 14.7 kuphatikiza 0.4 ya 8 ndi 12. Kenako 0.4 ya 18 kuphatikiza 0.6 ya 8 ndi 12 yomweyo. Zomwe mwapulumutsa potenga ndalama yotchipa, mwazibweza zonse kwa eni chifukwa cha chiopsezo chimene mwawasenzetsa.

Izi ndi zomwe Franco Modigliani ndi Merton Miller anaonetsa mu 1958, ndipo anthu ambiri a zamalonda nthawi imeneyo zinawavuta kuvomereza. Ine ndinazimvetsa tsiku limene ndinalemba zaka ziwiri zimenezi pa pepala ndi dzanja langa, osati powerenga.

Limbani: Chabwino, koma mwachotsa msonkho achikulire. Ubwino wa ngongole uli pa msonkhopo.

A Mbewe: Eya, pamenepo mukunena zoona, ndipo awiri aja anabwereranso mu 1963 kudzakonza mfundo yawo chifukwa cha msonkho womwewu. Chiwongoladzanja chimachoka pa phindu msonkho usanawerengeredwe, pomwe dividendi imachoka msonkho utalipidwa kale. Pa 32 imene kampani ya a Tadala ingalipire banki pa 8 peresenti, msonkho utsika ndi 8. Imeneyo ndi ndalama yeniyeni, ndipo ndi yokhayo imene ngongole imabweretsa pa tebulo. Kondwani, tiwerengere, ndikukhulupirira fomula yake uli nayo.

Kondwani: Ndili nayo.

```
Re = Ru + (Ru - Rd) * D/E * (1 - T)
```

Ru ndi zomwe eni akanafuna kampani ikanakhala yopanda ngongole. Ndikabwerera chammbuyo kuchokera pa 14 ya achemwali a Tadala, ikutuluka 12 ndendende. Ngongole ikafika 60 pa 100, D/E ndi 1.5, ndiye 4 kuchulukitsa 1.5 kuchulukitsa 0.75 ndi 4.5, eni akufuna 16.5. WACC ndi 6.6 kuphatikiza 3.6, kukhala 10.2.

A Mbewe: Mwaonatu a Limbani. Yatsikadi, koma kuchoka pa 10.8 kufika pa 10.2, osati 9.2. Mwasuntha gawo limodzi mwa asanu la kampani yonse kulipititsa ku banki, ndipo mwapeza 0.6 yokha. Makina a 9 aja akadali pansi. Komanso 10.2 imeneyi ikudalira kuti banki ikhalabe pa 8 ngakhale ngongole yakula ndi theka, ndiponso kuti kampani izipeza phindu lokwanira kuchotserapo chiwongoladzanjacho. Chaka chimene mulibe phindu, mulibenso msonkho woti utsike. Malamulo a maiko ambiri amalola kusunga zotayikazo kuti zidzachepetse msonkho wa mtsogolo, koma ndalama ya mtsogolo si yofanana ndi ya lero.

Yamikani: Ndiwonjezereko zomwe fomula ya Kondwani siionetsa. Ndinagwirapo ntchito pa kampani ina imene inachulukitsa ngongole ndi maganizo a a Limbani omwewa. Chaka choyamba zinaoneka bwino. Chachiwiri malonda anatsika, ndipo chinthu choyamba kusintha sichinali chiwongoladzanja ayi. Amene ankatigulitsa zipangizo n'kutidikira masiku 60 anayamba kufuna ndalama galimoto isanatsitse katundu. Ndikukumbukira dalaivala ataimika lole pa geti kuyambira m'mawa, chitseko chakumbuyo chili chokhoma, akudikira foni yoti ndalama yalowa, mkati makina ataima. Kenako banki inatiletsa kugula chilichonse chachikulu popanda chilolezo chake, ndipo mainjiniya athu awiri abwino anachoka. Zonsezi ndi mtengo wa ngongole, koma sizilembedwa pa Rd. N'chifukwa chake WACC imatsika pang'ono poyamba, kenako n'kuyamba kukwera. Malo enieni pomwe imatembenukira palibe amene angakulozereni ndi chala.

Limbani: Za 9.2 ndavomera. Koma funso langa loyamba silinayankhidwe. Sindikunena zosintha kampani yonse, ndikunena makina awa okha. Ngongole ya 100, pa 6, makina obweza 9.

A Mbewe: Dzifunseni chifukwa chake banki ikuvomera kupereka 100 yonse pa 8. Munthu wopanda kalikonse atapita ndi pepala la makina omwewa, angampatse ndalama yonse pa mtengo umenewo? Sangampatse. Banki ikuvomera chifukwa kumbuyo kuli 600 miliyoni ya eni masheya yomwe ingaphimbe makinawo akalephera. Ndiye eni alowamo kale, ngakhale sanatulutse ndalama m'thumba. Ngongole ikachoka pa 400 kufika pa 500, chiopsezo chawo chakwera, ndipo pulojekiti yotsatira mudzakakamizika kuilipira ndi ndalama ya eni yokha. Kodi imeneyo mudzaiyeza ndi 14? Zikatero mwalandira ya 9 chifukwa inabwera tsiku lomwe munali ndi ngongole, n'kukana ya 13 chifukwa inabwera mochedwa.

Limbani: Mfundo ya 9 ndi 13 yandigwira. Komabe pali mapulojekiti ena amene amaima paokha, kampani yapadera, ngongole yake yosakhudza kampani yaikulu. Pamenepo ndikuganiza kuti ine ndikulondola.

A Mbewe: Pamenepo inde, pulojekitiyo imakhala ndi sikelo yakeyake. Koma okongoza akadziwa kuti alibe kwina kokagwira, amafuna eni aikemo gawo lawo ndipo chiwongoladzanja chimakwera. Si nkhani ya a Tadala imeneyo.

Yamikani: Bambo Mbewe, ine pali pamene sindikugwirizana nanu kwenikweni. Mwatenga 60 ndi 40 kuchokera pa mtengo wa sheya wa lero. Mawa sheya ikagwa kuchoka pa 6 kufika pa 4, eni akhala 400, ngongole 400, sikelo yasintha popanda kampani kuchita kalikonse. Ine ndimakonda kufunsa bodi kuti akufuna ngongole izikhala pa mlingo wanji zaka zikubwerazi, n'kugwiritsa ntchito umenewo.

A Mbewe: Ndimachita chimodzimodzi ngati bodi ili ndi mlingo umene imautsatadi. Vuto ndi lakuti ndaonapo mlingo wotere ukutchulidwa tsiku la msonkhano lokha, wosankhidwa kuti pulojekiti ya wina idutse. Mtengo wa pa msika suchokera m'kamwa mwa munthu wofuna makina. Ndipo sheya ikagwa choncho, beta imakweranso, 14 ija siikhala 14.

Yamikani: Beta imeneyo ndiye ndimaikayikira kwambiri. Mukaiyeza ndi zaka ziwiri mupeza ina, ndi zaka zisanu ina. 6 ya pamwamba ija nayonso akatswiri sagwirizana, wina angaike 5. Mukaika 5, eni akufuna 12.5, WACC ikukhala 9.9. Ndiye tisamanene 10.8 ngati tayeza ndi tepi.

A Mbewe: Apo sinditsutsa. Ndingoti ngakhale pa 9.9 makina a 9 sanadutsebe.

Mayi Nachisale: Nanga ife opanda sheya pa msika? Tilibe 6 wathu, tilibe beta.

Yamikani: Mumabwereka kwa ena mayi. Pezani makampani angapo a pa msika ochita ntchito yonga yanu, muchotse mphamvu ya ngongole zawo pa nambala zawo monga anachitira Kondwani potulutsa 12, kenako muikepo ngongole yanu. Chovuta n'chakuti kampani yaing'ono ya pabanja gawo lake siligulitsika msanga, ndiye ambiri amawonjezerapo kenakake pamwamba. Kangati, pamenepo aliyense ali ndi yankho lake, ine sindinapezepo londikhutiritsa.

A Mbewe: A Tadala, funso limodzi lomaliza musanalembe lipoti. Makinawa ndi opangira katundu yemwe mumapanga kale, kapena ndi a malonda atsopano? 10.8 ndi mtengo wa chiopsezo cha kampani yanu mmene ilili lero. Ngati mukulowa ntchito ina, nambalayo si yake.

Tadala: Ndi a katundu yemweyo bambo, kungowonjezera mzere wachiwiri. Ndakonza fayilo: 600 ndi 400, ngongole pa 8, ndipo ndaika mizere itatu, 9.9, 10.2 ndi 10.8, kuti abwana aone kuti paliponse 9 ili pansi. Ndawerengeranso chammbuyo: pa 10.8, makinawa ayenera kubweretsa 10.8 miliyoni pachaka, apo ayi tiwagule pa 83 miliyoni. Mawa ndikakhala pansi ndi a ku fakitale tione ngati 9 yawo ija anaiwerengera pa shifiti imodzi kapena ziwiri, chifukwa pa pepala lawo sanalembe.

Kondwani: Achemwali, mukakafunsanso ngati anaikamo ndalama imene idzagone mu zipangizo ndi katundu wosagulitsidwa wa mzere wachiwiriwo. Ngati sanaike, 100 ija ikhala yoposa 100.

Tadala: Sanaike. Ndangoyang'ana pompano.